Ufa Woyera wa a Isaura

Estele anawaona koyamba m'mawa wina wa Dezembulo, atangobwerera kumene kumudzi kwa amayi ake, kufupi ndi ku Domwe. Mwamuna wake anali atamwalirira ku Ulongwe kumene ankaphunzitsa, ndipo maliro atatha abale anamuuza kuti nyumba ya malemu mayi ake ikungokhalamo mbewa. Tsikulo ankasesa pabwalo, ndipo kuseri kwa mpanda wa udzu anamva nsungwi ikumenya mtengo. Atasuzumira anaona mayi wamfupi, wa mapewa a mwamuna, akugwetsa mapichesi akupsa psuu. Anawatola m'lichero, n'kupita nawo kukhola, n'kuwakhuthulira nkhumba onse. Kumsana kwawo kunali kamwana kakakazi, katatambasula timanja, kakulirira zipatsozo.

"Iwe, khala chete! Zimenezi n'zotsegula m'mimba," anatero mayiwo. Kenako anatembenuka n'kupeza maso a Estele pampanda. "Inu ndinu mwana wa malemu a Argentina? Mwangoima ngati chitsa bwanji? Moni sapereka ku Ulongweko?"

Estele anapereka moni, mawu ake osafika n'komwe pakhola la nkhumbalo.

Amenewo anali a Isaura. Mudzi wonse unkawadziwa pa zinthu ziwiri. Choyamba chinali mawu: akayamba nyimbo kutchalitchi, amene anali kudimba ankadziwa kuti Misa yafika pati. Chachiwiri chinali ufa. Chimanga chawo ankakonola kawiri, kuviika mphale mpaka itafewa, kutsuka, kuyanika, kugayitsa, kuyanikanso, ndipo ufa wake ukakhala pamphasa unkathobwa m'maso. Mgaiwa ankautcha chakudya cha akaidi. Amuna awo, a Gervásio, ankanyamula katundu wa anthu panjinga ku Kalomwe, pamalire, ndipo ankabwera kumudzi Loweruka lokha, mwina pofuna kupumitsa makutu.

Kamwanako kanali Mwayiwathu, mdzukulu wawo, wongokwanitsa kumene chaka. Mayi ake, Vanda, mwana wa a Isaura, anapeza ntchito yophika mumzinda wa Tete, ndipo anamusiya kwa agogo ake akuyamwabe. Mwana amene ankakhalira bere ndi kaphala pang'ono anadzuka tsiku lina bere kulibe. A Isaura anati palibe vuto, ana analera kale. Anayamba kumuphikira phala la ufa woyera uja, atausefanso ndi kansalu, lolimba loti supuni n'kuima yokha. Ndiwo zamasamba ayi. Nyemba ayi. Zipatso ndiye asayerekeze. Madzi ankamupatsa ngati mankhwala, kungonyowetsa milomo. A Gervásio akabwera ankabweretsa buledi woyera wotchedwa pawu ndi mabisiketi otchedwa mabolasha, ndipo mkaka wa ng'ombe unkachokera kwa mlamu wawo m'mawa uliwonse, botolo lodzadza, mwana n'kumangokhuta umenewo.

Estele sanali munthu wolowerera za eni. Koma mpanda wa udzu subisa kanthu, ndipo iye anali ndi maso. Anaona kuti Mwayi akamva chimbudzi amapita kuseri kwa nkhokwe, kugwira mzati, kuimirira ndi zala zakumapazi, miyendo ataiwongola gwa, matako atafinya. Nkhope inkafiira, misozi mbwembwembwe. Zikatheka kutuluka zinali timibulu touma ngati ta mbuzi, tiwiri kapena titatu. Masiku ena osatuluka kanthu.

"Mwaona mmene akulimbikira?" ankatero a Isaura monyadira. "Mwana wa mphamvu ameneyu. Matewera ake sindivutika nawo n'komwe. Pitani mukaone ana a kwa Carlota khomo linalo, chingwe chonse mbee matewera, mwana kungotsegula ngati bakha."

Estele ankadziwa kuti mwanayo sakukankha ayi, akubweza. Mwana wake wachiwiri anachitapo zomwezo ali wamng'ono, ndipo enferemeira wina, namwino wa ku Ulongwe, anamufotokozera: chimbudzi chouma chikamupweteka mwana kamodzi, amachiopa, ndiye amachigwira; chikakhalitsa m'mimba chimaumiraumira, n'kudzapweteka koposa. Zonsezi anali nazo pakamwa. Koma a Isaura akamuyang'ana, iye ankangosintha nkhani.

Anayesa njira za anthu amanyazi. Tsiku lina anapititsa mbale ya nkhwani wotendera, wofewa bwino, nati, "Kapena mwanayu angalaweko." A Isaura anathokoza, nadya okha ndiwo zonse, Mwayi akuyang'ana. Tsiku lina anapititsa mango awiri. Anawadya a Gervásio. Tsiku lina anangoti, "Kwatentha lero, ana amamva ludzu," a Isaura n'kuyankha kuti, "Eetu, n'chifukwa chake ndamuveka chipewa."

Estele anabwerera kwake, natseka chitseko, nakalipira mphika.

Tsiku la pezo, lokayezetsa ana kuchipatala chaching'ono cha ku Domwe, anaperekeza dala. Ankaganiza kuti kumeneko zidziwika zokha. Mzere unali wautali, enferemeira mmodzi, dzuwa lili pamutu. Mwayi atamupachika pasikelo, enferemeira anafunsa osadzutsa mutu, "Akutsegula m'mimba? Akutentha thupi? Akutsokomola?"

"Ameneyu? Kutsegula?" A Isaura anaseka mpaka amayi a kumbuyo anatembenuka. "Chibwerere kwa ine sanayambe!"

"Mwachita bwino, agogo. Wotsatira!"

Estele anatsegula pakamwa, wotsatira anali atafika kale. Njira yonse yobwerera a Isaura ankauza aliyense wokumana naye kuti a chipatala awayamikira.

Patapita masiku, Mwayi anasiya kudya. Phala akalibweretsa ankatembenuza mutu. Kuseri kwa nkhokwe ankapitako kawirikawiri, n'kubwerako wopanda kanthu, akulira mawu atasasa. Masana ena Estele akuchokera kumadzi anapeza a Isaura pakhonde, mpeni uli m'manja, akusema kachidutswa ka sopo wochapira kuti kasongoke ngati chala. Pambali pawo panali thewera, ndipo pathewerapo panali kamzere ka magazi.

"Mukufuna mutani ndi sopoyo?" Mawu anatuluka okha, ndowa ikadali pamutu.

"Mukufunsa ngati simunabereke. Ndimulowetsa kumbuyoku, zituluke."

"Ayi."

A Isaura anaika mpeni pansi. "Mwati?"

Estele anatula ndowa. "Ndati ayi, amayi. Magaziwo ndiye kuti pang'ambika kale pang'ono, ndi kuuma kwa chimbudzicho. Sopo amawotcha. Mukamulowetsa pabala, mawa adzaopa kuposa lero."

"Ee! Kodi muli ndi pakamwa? Ine ndimati kukamwa munasiya kumanda ku Ulongwe!"

Mawuwo anamulasa, koma anali atayamba kale. "Mwanayu wadzimbidwa chifukwa cha zimene akudya. Bere anasiya mwadzidzidzi, ndipo madzi ambiri ankawapeza m'beremo. Ufa wanuwo ndi wabwino, palibe wofanana nawo, koma gaga yense munachotsa, ndiye gaga ndi amene amathandiza kuti chimbudzi chifewe. Pawu, mabolasha, mkaka wa ng'ombe wochuluka, zonsezo n'zomanga. Masamba sakudya, zipatso sakudya, madzi sakumwa. Chituluka bwanji?"

"Madzi!" A Isaura anaimirira. Sanatalike kwenikweni, koma khonde linachepa. "Mukundiuza ine za madzi? Inu nthawi ya nkhondo munali kamwana. Ine ndinathawira tsidya ilo, ku Dedza, Emílio wanga ali kumsana, msinkhu womwewu. Anadya mango, anamwa madzi a pachitsime cha pamsasa, anayamba kutsegula m'mawa, dzuwa la tsiku linalo sanalione likulowa. Ankangotuluka madzi okhaokha ngati otsukira mpunga. Ndiye mubwere inu lero muziti mupatseni madzi, mupatseni zipatso? Bola aume! Wouma sindinamuikepo m'manda!"

Nkhuku zimene zinali pabwalo zinathawa. Mwayi anayamba kulira. Za Emílio Estele sanazimvepo, ndipo anamvetsa tsopano chifukwa chake nkhumba za a Isaura zinali zonenepa ndi mapichesi. Chisoni chinamugwira, komanso mkwiyo sunachoke, chifukwa mwana amene ankalira pamenepo sanali Emílio.

"Pepani, amayi," anatero motsitsa. "Amene anatenga Emílio ndi madzi oipa, osati madzi. Awa tiwiritsa, inu mukuona. Zipatso titsuka, tisenda, tiphika. Ndibwerekeni mwanayu masana okha, inu mukamapita kukapalira. Akayamba kusanza, kapena mimba ikatupa n'kulimba, kapena thupi likatentha, kapena magazi akachuluka, sitidikira, ndimubereka ndekha mpaka kuchipatala. Zikapanda kusintha mawa kapena mkuja, tipitanso komweko. Koma sopoyo ayi."

A Isaura anayang'ana sopo, anayang'ana thewera. Kenako ananyamula Mwayi n'kumukankhira m'manja mwa Estele ngati thumba la mbatata.

"Mutengeni, dotolo wa ku Ulongwe. Koma akangotsegula, mudzi uno muusamuka."

Estele anayamba ndi madzi ofunda m'beseni. Anamukhazika Mwayi mmenemo mpaka kulira kunasanduka kusisima. Atamupukuta anamugoneka chagada pamphasa, nadzola timafuta tophikira m'manja, nayamba kusisita kamimba mofatsa, mozungulira mchombo: kukwera mbali ya kudzanja lamanja la mwanayo, kudutsa pamwamba, kutsikira kumanzere, mmene matumbo amayendera. Kenako anagwira timiyendo n'kumatipalasa ngati njinga, akuimba nyimbo ya a Gervásio akukwera chitunda cha ku Kalomwe ndi matumba a eni. Mwayi anaseka pang'ono, koyamba pa masiku ambiri.

Phala anaphika la mgaiwa, lamadzimadzi, nathiramo nsinjiro ndi supuni ya mafuta. Mapichesi anapempha kwa Carlota, popeza a kwa a Isaura anali atathera kukhola. Anawasenda, kuchotsa nthanga, kuwawiritsa pang'ono n'kuwapota. Mwayi anakana phala, koma mapichesiwo anatsegulira pakamwa ngati mwana wa mbalame. Madzi owiritsa ankamumwetsa pang'onopang'ono ndi kapu, nthawi ndi nthawi, osati ambiri kamodzi.

Kukapalira kuja a Isaura sanapite. Anakhala kuseri kwa mpanda, khasu lili paphewa, n'kumapereka ndemanga.

"Mgaiwa! Mdzukulu wanga walakwa chiyani kuti alowe ndende?"

"Madzi aja anawiradi, kapena anangofunda?"

"Mukumukanda ngati ufa wa mandasi bwanji?"

Madzulo anafunsa, "Zatuluka?"

"Ayi. Sizichitika tsiku lomwelo."

"Sopo akanatha kalekale."

Estele anangopempha kuti mkaka wa ng'ombe auchepetse, kapu imodzi m'mawa ina madzulo, ndipo mabolasha ayambe aima. A Isaura anati aganiza.

Tsiku lotsatira Mwayi anadya phala lija theka, ndi nkhwani wopotedwa, ndi msuzi wa nyemba. Atapita kuseri kwa nkhokwe n'kuyamba kuwongola miyendo, Estele anamutsatira, namunyamula modekha, namugwira chonjuta, mawondo atafika pamimba, msana utatsamira pachifuwa chake. Sanamukalipire, sanamufulumize, ankangomulankhula. Panatuluka timibulu tingapo, ndi kulira, basi. A Isaura anabwera kudzaona ndi kamtengo, natembenuza kamodzi, nati, "Zomwezi ndiye mwandivutitsira?"

Zenizeni zinachitika Loweruka masana. A Isaura anali atavala kapulana yawo yatsopano, chitenje cha bungwe la amayi, yoti akaimbire mawa lake, akuyesa ngati ikuwakhala. A Gervásio anali atangofika, akupukuta njinga. Mwayi anakwera pamiyendo pa agogo ake, nakhala chete, nkhope itatsimikiza. Sanalire. Panangomveka kaphokoso, kenako fungo.

"Mayo ine! Estele! Esteleee! Thamangani kuno, mwandiphera mwana!"

Estele anafika akuthamanga. Anayang'ana. Poyamba panali zouma, kenako zofewa ngati phala, zambiri ndithu, ndipo Mwayi ankaseka n'kumakoka ndolo ya agogo ake.

"Uku si kutsegula, amayi. Kutsegula ndi madzi, kobwerezabwereza. Ichi ndi chimbudzi cha mwana wabwinobwino."

"Wabwinobwino! Kapulana yanga mwaiona?"

A Gervásio anali atagwira chishalo cha njinga, akulephera kupuma ndi kuseka. "Walira mvula walira matope, mayi. Inu simumafuna zituluke?"

"Inu khalani chete! Ndi mabolasha anuwo munamanga mwanayu!"

"Ine? Ufa wosefa ndi kansalu ndimasefa ndine?"

Estele anabwerera kwake akuganiza kuti nkhani yatha. Akanadziwa. Lamulungu lonse a Isaura anakhalira kusuzumira m'thewera, ndipo Mwayi atachitanso chofewa madzulo, mantha anawabwerera. Lolemba phala loyera lija linabwerera pamoto, lolimba kuposa kale, kapu ya madzi inabisidwa pamwamba pa kabati. Sabata isanathe Estele anaona timiyendo tija titawongokanso kuseri kwa nkhokwe.

Ulendo uno sanapite ndi mbale ya ndiwo. Analowa pabwalo osaodira, nabereka Mwayi, nati, "Tiyeni kuchipatala. Mukanene zonse, osati zokhazo zimene afunsa."

"Mukundilamula?"

"Eya."

A Isaura anadabwa kwambiri moti anatsatira. Kuchipatala sikunali pezo, enferemeira anali ndi nthawi. Anagwira kamimba ka Mwayi, nayang'ana kumbuyo, nati kabala kakupola koma kakhoza kutsegukanso. Ananena zomwe zija: madzi aukhondo, zipatso zakupsa, masamba, nyemba, phala losayeretsa kwambiri, mkaka wa ng'ombe wosapitirira muyeso. Anati zimenezi si za tsiku limodzi, azichita mpaka mwana ataiwala kuti chimbudzi chimapweteka, ndipo zikakanika abwere adzapatsidwe mankhwala oyenera ana, asamulowetse kanthu kunyumba. A Isaura anafunsa za kutsegula m'mimba katatu konse. Enferemeira anawafotokozera mmene angakudziwire, nawapatsa timapaketi ta mchere ndi shuga wosungunula m'madzi, nati mwana wotsegula ndiye amafunika kumwa kwambiri. A Isaura anatimanga pamfundo ya kapulana mwamphamvu ngati ndi mankhwala a moyo wawo womwe.

Panjira anati, "Mtsikana uja ndi wanzeru. Zimene wanenazi ndinkaziganiza kale ine."

Estele anakweza bwino Mwayi kumsana, napitiriza ulendo.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayenda, ngakhale mokokana. A Isaura anakana kugayitsa mgaiwa ndi dzina lawo, ankatuma Estele kuti anthu a kuchigayo asawaone. Phala la mwana ankaphikira kwa Estele, kenako ankalinyamula atavundikira. Maungu atayamba kupsa, Mwayi ankadya maungu. Mapeyala atafika pamsika wa ku Domwe, ankadya mapeyala. Masiku ena zinkauma pang'ono, Estele n'kuwonjezera madzi ndi zipatso, n'kusisita kamimba. Kuseri kwa nkhokwe Mwayi anasiya kupitako. Ankangonjuta pamene wafika, ngakhale pakati pa alendo, n'kudzuka akuwomba m'manja. Ndipo a Isaura anayamba kuyenda m'makomo mwa amayi a ana aang'ono, kuwakalipira chifukwa chomana ana madzi. Estele anawamva tsiku lina akuuza Carlota kuti, "Ufa woyera ndi wa akuluakulu, mwana amafuna gaga, kodi anthu inu simuganiza?" Anangolowa m'nyumba n'kukhala pansi.

Chimanga chitauma, Vanda anaimba telefoni. Anali atapeza nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo ankafuna mwana wake, pamodzi ndi amayi ake oti azimulera iye akapita kuntchito. A Isaura anakana sabata yonse mokweza, uku akumanga katundu.

Estele anawaperekeza ku Domwe kokakwerera shapa, minibasi ya ku Ulongwe, kumene akapezeko ina ya ku Tete. Mwayi anali kumsana kwake, atagona, kamutu kali pakhosi pake. Anali atakonza thumba la mgaiwa, botolo la nsinjiro, ndi botolo la madzi owiritsa a panjira. A Isaura anakangana ndi wokweza katundu za malo a thumba, anakangana ndi mayi wina za mpando wa pawindo, napambana konse. Estele anamasula mwana n'kumupereka pawindopo. Ankafuna kunena zambiri: kuti ku Tete n'kotentha, mwana azimwa kuposa kuno; kuti kusintha malo kokha kumatha kumumanganso; kuti mapapaya kumeneko ndi osasowa. Ananena theka lake, mawu akumira m'phokoso la injini.

"Ndamva, ndamva, ndinalera ana ine," anatero a Isaura, osamuyang'ana.

Shapa inayamba kusuntha. Mwadzidzidzi a Isaura anamenya chitseko ndi chikhatho kuti dalaivala aime, anthu onse n'kudandaula. Anatulutsa mutu pawindo, nakodola Estele kuti ayandikire, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni analankhula monong'ona.

"Posisita paja, mumayambira mbali iti?"

"Kudzanja lamanja la mwanayo. Kukwera, kudutsa pamwamba pa mchombo, kutsikira kumanzere. Mofatsa."

A Isaura anayeserera pamimba pawo ndi chala, milomo ikuyenda. Kenako anawongola duku, mawu n'kubwerera mwakale.

"Chabwino. Nkhumba zanga muzizipatsa madeya, bambo aja angaziphe ndi njala. Ndipo musakauze munthu kuti ndinafunsa."